Firiji ikamagwira shoko, funsani za ethi

"Firiji ya m'nyumba imene tangolowamo imandigwira shoko pang'ono ndikaikhudza ndili osavala nsapato. Wina akuti mwina nyumbayi ilibe ethi. Ndingadziwe bwanji?"

Mayi, yambani mwazula pulagi ya firijiyo mpaka iyezedwe.

Waya wa ethi, wobiriwira wa mizere yachikasu uja, masiku onse amangokhala phee, sanyamula moto. Ntchito yake imabwera tsiku limene waya wamoto wasupuka mkati mwa firiji n'kukhudza chitsulo. Ethi ikakhalapo, moto wambiri umathamangira mu wayayo nthawi imodzi ndipo buleka imagwa pompo. Ikasowa, firiji imangogwirabe ntchito bwinobwino chitsulo chake chili ndi moto, kudikira munthu woti udutsemo kupita pansi. Buleka wamba siyingakupulumutseni apa, chifukwa imadikira maampu monga 20 kapena 32 kuti igwe, pamene moto wosafika n'komwe ampu imodzi ukhoza kuimitsa mtima.

Zoona ndi maso n'zochepa. Panja, pafupi ndi mita, fufuzani waya wotsika n'kukamangidwa pa ndodo yamkuwa yokhomedwa m'nthaka. Onani ngati sanaduke kapena kudyeka ndi dzimbiri pomangirapo. Kusowa kwa ndodo si umboni wokwanira, poti nyumba zina ethi imabwera ndi chingwe cha kampani yamagetsi. Soketi ya mabowo atatu nayonso isakunamizeni. Amisiri ena achidule amakoka mawaya awiri okha, bowo lachitatulo n'kungokhala lokongoletsa.

Chotsimikiza ndi kuyeza, ndipo apa itanani wamagetsi wodziwa ntchito, inu muziona mita yake yoyezera. Kumene magetsi ake ndi a mavoti 230, pakati pa waya wamoto ndi nyutulo, waya wobwererapo moto, payenera kuwerenga pafupifupi 230. Pakati pa wamoto ndi ethi pawerengenso chimodzimodzi, ndipo pakati pa nyutulo ndi ethi pakhale ziro kapena timavoti tochepa. Wamoto ndi ethi pakawerenga ziro, kapena nambala yongoyendayenda monga 90, ndiye kuti wayayo sakufika kulikonse. Ayeze soketi iliyonse, makamaka ya kukhitchini, chifukwa ethi imatha kudukira panjira.

Koma pali chinyengo china chimene ndimadana nacho kwambiri: kulumikiza ethi ku nyutulo kuseri kwa soketi. Mita imaonetsa ngati zonse zili bwino, koma nyutuloyo ikadzaduka, moto umakwera pa chitsulo cha chilichonse chimene mwalumikiza pamenepo. Muuzeni wamagetsiyo azime magetsi onse, atsegule soketi imodzi kapena ziwiri muone nokha.

Pabokosi la mabuleka fufuzaninso kachipangizo kolembedwa RCD ndi 30 mA, kokhala ndi batani la T kapena TEST. Kameneka kamazimitsa magetsi moto wochepa ukangothawira pansi. Dinani batanilo, kagwe nthawi yomweyo. Kugwako kukungosonyeza kuti kachipangizoko kali moyo, sikukutsimikiza kuti ethi ilipo. Ngati kachipangizoko palibe, auzeni eni nyumba akaikitse pamodzi ndi kukonza ethiyo, ndipo firiji iyezedwe payokha musanaiyatsenso.