Musaike ndalama zonse mu makolo opushoni, achimwene

"Ndasunga madola 5,000 pa zaka zingapo. Pali kampani ina ya pa msika wa masheya wa ku America yomwe ilengeza phindu lake masabata awiri akubwerawa, ndipo ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti sheya yake ikwera. Ndikufuna kugula makolo opushoni ndi ndalama yonseyi. Anthu akuti ndi opushoni sungaluze zoposa zomwe waikamo. Inu mukuti bwanji?"

Achimwene, musatero. Ndikunena izi ngakhale mutakhala kuti mwaiwerenga bwino kampaniyo ndipo sheya yake ikweradi. Anthu amenewo sanakunamizeni, wogula opushoni saluzadi zoposa zomwe waikamo. Koma pamene zomwe mwaikamozo ndi thukuta lanu lonse, mawuwo akungotanthauza kuti mukhoza kutsala opanda kalikonse, ndipo pa malonda amenewa kutsala opanda kalikonse si ngozi ya apo ndi apo ayi. Zimachitika kawirikawiri.

Tiyambe ndi chinthu chomwe mukufuna kugulacho. Kolo opushoni si sheya. Ndi ufulu wogula sheya pa mtengo womwe mwagwirizana kale, womwe amautcha sitiraiki, tsiku loikika lisanadutse. Ufuluwo mumaulipira, ndipo malipirowo ndiye pirimiyamu. Zili ngati kupatsa mwini nyumba ndalama yosabwezedwa kuti akusungireni nyumbayo pa mtengo wakutiwakuti kwa mwezi umodzi. Mwezi ukatha musanagule, nyumba ndi yake, ndalama ija ndi yakenso. Ku America kontirakiti imodzi ya opushoni nthawi zambiri imaimira masheya 100, choncho mtengo womwe mukuuona pa sikirini muziuchulukitsa ka 100.

Simunanditumizire manambala a kampani yanu, ndiye ndiika anga ongoyerekeza, koma ofanana ndi omwe mungawapeze pa sheya yomwe mtengo wake umayendayenda. Tinene kuti sheya ili pa madola 100 lero. Mwasankha sitiraiki ya 105, yotha pakapita masiku 30, ndipo pirimiyamu ndi madola 2.50. Kontirakiti imodzi ikudyerani madola 250, ndiye madola 5,000 anu akugulirani makontirakiti 20. Amenewo ndi masheya 2,000, a ndalama zokwana madola 200,000. Taimani kaye pamenepa. Munthu wokhala ndi 5,000 wakwera pa katundu wa 200,000. Apa ndi pamene pakuchokera chikoka chonse, ndipo ngozi yonse ikuchokeranso pomwepa.

Tsopano tsiku lomaliza lafika. Sheya ikakhala pa 115, opushoni iliyonse ili pa mtengo wa madola 10 pa sheya, ndipo m'manja mwanu muli madola 20,000. Ndikudziwa kuti chithunzi chimenechi ndicho chikukusowetsani tulo, ndipo sindikukana, zimatheka. Koma tsikani nane pang'onopang'ono. Sheya ikathera pa 107.50, mwangobweza ndalama yanu, osapindula ngakhale senti, chifukwa 2.50 yomwe yapitirira pa sitiraiki ndi yomwe munalipira ija. Ikathera pa 106, mwatsala ndi madola 2,000, enawo 3,000 apita. Ikathera pa 104, palibe munthu angafune ufulu wogula pa 105 chinthu chomwe chikugulitsidwa 104 pa msika, ndiye makontirakiti onse 20 afa, ndalama yonse yalowa m'madzi.

Yang'anitsitsani 104 ameneyo. Sheya yakwera ndi 4 peresenti m'mwezi umodzi, kumene ndi kukwera kwabwino ndithu. Munanena zoona kuti ikwera. Mnzanu amene anatenga madola 5,000 omwewo n'kugula masheya 50 enieni wapindula madola 200, pamene inu mulibe kanthu. Ndipo sheya ikanatsika kufika pa 95, iye akanaluza madola 250 okha, masheya ake ali nawobe, akhoza kudikira chaka kapena zaka zisanu. Inu mwayi wodikira mulibe. Wogula sheya amafunika kulondola chinthu chimodzi, chakuti kampani ichita bwino m'kupita kwa nthawi. Wogula kolo amafunika kulondola zitatu pakamodzi: kuti sheya ikwera, kuti ikwera mokwanira kudutsa sitiraiki ndi pirimiyamu, ndiponso kuti zimenezi zichitika tsiku lisanakwane. Mukalondola ziwiri n'kuphonya chimodzi, mwaluzabe.

Nkhani ya nthawiyi ndi yomwe imapweteka anthu ambiri oyamba kumene, chifukwa imadya mwakachetechete. Mu chitsanzo chathuchi, pa tsiku logula, 2.50 yonse ija ndi mtengo wa chiyembekezo chabe, poti sheya sinafike n'komwe pa 105. Tsiku lililonse likadutsa, chiyembekezocho chimachepa. Sheya ikangokhala phee pa 100, osakwera osatsika, pakatha masiku 15 opushoni ija imakhala pafupifupi pa madola 1.30. Kutatsala sabata imodzi imakhala cha m'ma masenti 50. Palibe choipa chomwe chachitika ku kampani, palibe nkhani yoopsa yomwe yatuluka, koma pa 5,000 yanu patsala pafupifupi 1,000. Pa sikirini ya buloka wanu, kampani yomwe mumagulirako masheya, pali nambala yolembedwa kuti Theta. Imeneyo imakuuzani ndalama yomwe opushoni ikutaya pa tsiku pa sheya iliyonse ngati zina zonse sizisintha. Ichulukitseni ndi masheya 2,000 aja, muone zomwe zikutuluka m'thumba mwanu usiku uliwonse muli mtulo.

Pomwe ndada nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi pomwe mwatchula kulengeza kwa phindu. Mukuona ngati tsiku limenelo ndi mwayi wanu, koma aliyense pa msika akulidziwa tsikulo. Ogulitsa maopushoni akudziwa kuti mtengo ukhoza kudumpha, ndiye amakweza pirimiyamu tsikulo lisanafike. Kukwerako mumakuona pa nambala yolembedwa kuti IV, yomwe imasonyeza kukula kwa kugwedezeka komwe msika ukuyembekezera. Kampani ikangolengeza, chinsinsi chatha, IV imagwa nthawi yomweyo, ndipo mitengo ya maopushoni imagwera limodzi. Tibwerere ku manambala athu. Pirimiyamu ya 2.50 ija ikugwirizana ndi IV ya pafupifupi 39 peresenti. Tinene kuti kampani yalengeza zabwino kutatsala masiku 15, sheya yakwera kufika pa 102, koma IV yatsikira pa 25. Opushoni yanu ikhala cha m'ma masenti 90. Mudzuka m'mawa n'kuwerenga kuti kampani yachita bwino, sheya yakwera, mutsegula akaunti n'kupeza kuti mwatsala ndi madola pafupifupi 1,800. Anthu ambiri akaona zimenezi amaganiza kuti buloka wawabera. Sanawabere. Anagula chiyembekezo pa nthawi yomwe chinali chodula kwambiri.

Mudzifunsenso kuti amene akukugulitsaniyo ndi ndani. Msika wa maopushoni wa ku Chicago unatsegulidwa mu 1973, chaka chomwecho Fischer Black ndi Myron Scholes anasindikiza njira yawo yowerengera mtengo wa opushoni. Kuyambira nthawi imeneyo makampani omwe ntchito yawo ndi kugula ndi kugulitsa maopushoni tsiku lonse akhala akunola masamu amenewa. Nthawi zambiri iwowa sabetcha n'komwe kuti sheya itsika. Akakugulitsani kolo amagulako masheya ena kuti adziteteze, ndipo amadyera pa kusiyana kwa mitengo. Kusiyanako mukuona nokha pa Bid, mtengo womwe mungagulitsire, ndi Ask, mtengo womwe mungagulire. Ngati Ask ili 2.50 ndipo Bid ili 2.40, mukagula n'kusintha maganizo mphindi yomweyo, madola 200 apita kale, tisanawerengere ndalama yomwe buloka amadula. Kuti mupambane, sikokwanira kudziwa kuti kampaniyo ndi yabwino. Mukuyenera kudziwa chinachake chomwe mtengo wa 2.50 sunachiwerengere kale. Malinga ndi mtengo womwewo, msika ukuona kuti mwayi woti sheya ithere pamwamba pa 107.50 ndi pafupifupi umodzi pa inayi. Pali nambala ya Delta yomwe ambiri amaigwiritsa ntchito poyerekeza mwayi woti sheya idutsa sitiraiki, ndipo pa opushoni ngati iyi ikhala cha m'ma 0.35.

Mwina munena kuti, nanga ndikapambana? Apa mpamene ndikuopa kwambiri, achimwene, chifukwa munthu amene waika zonse n'kupambana sasiya. Akaona 5,000 yasanduka 20,000, amakhulupirira kuti wapeza njira, ndipo ulendo wotsatira amaikanso zonse. Mukhoza kupambana katatu motsatizana, koma pa malonda omwe kuphonya kumatanthauza ziro, kuphonya kamodzi kokha kumafufuta zonse zam'mbuyo. Amene waluza theka la ndalama zake akhoza kuzibweza, ngakhale kuti amafunika kupindula 100 peresenti kuti abwerere pomwe anali. Amene watsala ndi ziro alibe poyambira. Zithunzi za anthu opambana zomwe zinadzaza pa intaneti nthawi yomwe sheya ya kampani ya GameStop inakwera modzidzimutsa mu Januwale 2021 zinali zoona kwa ena, koma amene anagula mochedwa n'kutaya zonse sanali ndi chidwi chojambula akaunti zawo.

Pali kanthu kenanso kakang'ono komwe ambiri sakadziwa. Ku America, opushoni ikafika tsiku lomaliza sheya ili pamwamba pa sitiraiki ngakhale ndi senti imodzi, imagwiritsidwa ntchito yokha pokhapokha mutanena kuti simukufuna. Kwa inu zimenezo zikutanthauza kugula masheya 2,000 pa 105, omwe ndi madola 210,000. Poti ndalamayo mulibe, buloka akhoza kukugulitsirani makontirakitiwo tsikulo lisanathe, pa nthawi ndi mtengo womwe simunasankhe inu.

Ndiye mutani? Choyamba patulani ndalama yokwanira kukusungani miyezi ingapo ntchito itatha kapena matenda atagwa, ndipo imeneyo isayandikire msika uliwonse. Ngati kampaniyo mukuikhulupiriradi, gulani masheya ake enieni ndi gawo la zotsalazo, chifukwa sheya ilibe tsiku lofera. Ngati mtima ukukakamirabe pa opushoni, gulani kontirakiti imodzi yokha. Madola 250 ndi 5 peresenti ya zomwe mwasunga, ndipo kontirakiti imodziyo ikuimira kale masheya a madola 10,000, kuwirikiza kawiri chuma chanu chonse. Sheya ikafikadi pa 115, mupindula madola 750. Ikathera pa 104, mwataya 250 ndipo 4,750 ilipobe. Musanadine batani logulira, lembani papepala mtengo womwe mudzagulitsire zikayenda bwino, ndi tsiku lomwe mudzatuluke zikapanda kuyenda, osadikira tsiku lomaliza. Ndipo mabuloka ambiri ali ndi akaunti yoyeserera ya ndalama zosakhala zenizeni. Gulani mmenemo makontirakiti 20 omwe mumafuna aja lero lomwe, muziwayang'ana tsiku lililonse mpaka kampani ilengeze.

Nditumizireni mtengo wa sheyayo, sitiraiki yomwe mwasankha, tsiku lothera, pirimiyamu ndi IV yake. Tiwerengere limodzi pomwe sheyayo ikuyenera kufika kuti mungobweza ndalama yanu, musanachotse chilichonse ku banki.