Juzi yathina pachifuwa: yambani mwaiviika musanamasule

"Ndalukira bambo a kunyumba juzi kuno ku Leeds, ku England, koma ikuwathina pachifuwa. Pateni inati masentimita 100, yatuluka 92. Ulusi ndi waubweya wa nkhosa, watsala mpukutu umodzi wa magalamu 50. Kutsogolo ndi kumbuyo ndinaluka padera n'kusoka. Ndimasule yonse?"

Achemwali anga, ayi, musamasule kaye. Ndikulemberani pompano ngati kalata, chifukwa pafoni sizingalongosoke.

Yalani juziyo patebulo, ikani tepi pakati pa chifuwa, muwerenge masitichi amene alowa m'masentimita 10. Ndikuganiza kuti pateni yanu imafuna 22 koma inu mupeza 24, chifukwa dzanja lanu ndimalidziwa, mumakoka ulusi. Masitichi awiri owonjezerawo amaoneka ochepa, koma ngati kuzungulira thupi lonse alipo 220, pa 22 amapereka masentimita 100, pamene pa 24 amapereka pafupifupi 92. Sungani nambala imene mwapezayo, chifukwa ndi imene tiwerengere zonse, osati ya papateni.

Kenako iviikeni. Madzi akhale ofunda pang'ono, sopo pang'ono, mphindi 20, osatikita kapena kupotokola, poti ubweya ukatikitidwa m'madzi otentha umagwirana n'kufota, ndipo pamenepo palibenso chobweza. Ikulungeni m'thaulo, pondani kuti madzi atuluke, muyale pansi, mukokere m'mbali pang'onopang'ono n'kubaya mapini. Iume yokha, kutali ndi hita, ngakhale ndikudziwa kuti m'nyengo yozizira ya kumeneko zimatenga masiku. Ubweya umalola masentimita awiri kapena atatu. Mukaukakamiza kuti upereke 8 onse, juzi imafupika m'litali, masitichi amayasama, ndipo pochapanso imabwerera. Ukanakhala ulusi wa akiliriki, wonga umene timagula kuno, madzi sakanathandiza n'komwe.

Ikauma yezaninso. Tinene kuti yafika 94, kwatsala 6. Apa ndi pamene misoko yanu ya m'mbali ikupulumutseni: tilowetsamo timizere tiwiri toluka, kamodzi mbali iliyonse, kotambalala masentimita atatu.

Masulani msoko wa m'mbali kuyambira pansi mpaka kukhwapa, mupitirirenso m'msoko wa mkono masentimita ngati 8. Yang'anitsitsani kuti mukudula ulusi wosokera, osati woluka. Kokani mbali ziwirizo pa kuwala, ulusi wosokera uoneka wopingasa pakati. Pa kalukidwe kanu, masentimita atatu ndi masitichi 7 kapena 8. Tengani 8, muwonjezere awiri amene adzabisike m'msoko, akhale 10. Ambiri amaiwala awiriwo, kamzere n'kudzachepa akasoka.

Yambani ndi singano zing'onozing'ono zimene munalukira mkombero wothina wa m'munsi, mizere yofanana ndi ya pajuzi, kenako sinthani singano. Musayeze kutalika ndi tepi. Werengani mizere ya pajuzi kuyambira pamkombero kufika kukhwapa, muluke yomweyo ndendende. Kamzere katsopano sikanaviikidwe, choncho tepi ikunamizani, ndipo mukasoka mbali imodzi idzachita makwinya. Mukafika kukhwapa musatseke. Pitirizani, muzichepetsa sitichi imodzi mbali zonse ziwiri pa mzere wachinayi uliwonse mpaka kathe ngati nsonga. Nsongayo ndiyo ilowe m'msoko wa mkono uja. Anthu amene amatsekera pakhwapa pomwepo amapeza chifuwa chamasuka koma pakhwapa patuluka bowo, kapena pakumanga munthu akakweza mkono.

Viikani timizereto musanasoke, ngati mmene munachitira juzi, ndipo soketsani mzere ndi mzere muli kunja kwa nsalu, kuti muziona pokumana. Mpukutu wanu uyenera kukwana timizere tiwiri tating'ono chonchi. Ukapanda kukwana, onani nambala ya utoto papepala la mpukutu musanagule wina, chifukwa mtundu womwewo wa nambala ina umasiyana pang'ono, ndipo padzuwa zimaoneka. Ine zikatero ndimasankha dala mtundu wosiyana kwambiri, kapena kuluka timizereto mwa ribu, kuti tioneke ngati tinakonzedwa kuyambira pachiyambi.

Chinthu chimodzi chokha muyambe mwachiona musanadule msoko. Avekeni abambowo juziyo, atambasule manja kutsogolo ngati akugwira chiwongolero. Ngati ikukoka pachifuwa ndi pamimba pokha, zimene ndafotokozazi zikwanira. Koma ngati ikumanga kumsana pakati pa mapewa, kapena msoko wa paphewa wakwera kufupi ndi khosi, timizere ta m'mbali sitifika kumeneko. Pamenepo mumasule kuchokera paphewa kutsika mpaka kukhwapa, ulusi womasulawo muukulunge kumsana kwa mpando, muunyowetse kuti uwongoke, ndiye mulukenso gawo lakumtundalo ndi masitichi owonjezera. Munditumizire chithunzi cha kumsana atatambasula manja, ndikuuzani kuti ndi njira iti.