Chikumbutso chikamalira pa nthawi yolakwika muli kunja

"Ndimagwira ntchito ya unesi ku Manchester, ndipo ndimabwera ku Lusaka kawirikawiri. Ndinaika chikumbutso choti ndiziimbira amayi ku Chilenje tsiku lililonse 19:00 ya kwathu, koma chiyambire Epulo chikulira amayi asanaweruke kumsika. Kodi foni yanga yawonongeka?"

Mayi, foni yanu ili bwinobwino, chimene chasuntha ndi wotchi ya ku Britain. Kuno ku Zambia nthawi yathu imatsogola ndi maola awiri pa nthawi ya UTC, imene maiko onse amayezerapo nthawi zawo, chaka chonse, pamene ku Britain amapititsa mawotchi patsogolo ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Malichi, n'kuwabweza Lamlungu lomaliza la Okutobala. Choncho mu Januwale 19:00 ya ku Lusaka imakhala 17:00 ku Manchester, koma mu Julaye imakhala 18:00.

Ndikuganiza kuti chikumbutsocho munachilemba m'nyengo yozizira ya kumeneko, n'kuika 17:00. Kalendala ya m'foni inachimangirira ku nthawi ya ku Britain, ndipo ikusungabe 17:00 imeneyo mokhulupirika, ngakhale kuti tsopano imafanana ndi 18:00 ya kuno. Umboni wake ndi wakuti chimaphonya ndi ola limodzi ndendende, ndiponso vutoli mwayamba kuliona mu Epulo, mawotchi atangosinthidwa kumapeto kwa Malichi.

Musachikonze pongosintha 17:00 kukhala 18:00, chifukwa mu Okutobala mudzayamba kuimba mochedwa, mwina amayi atagona kale. Tsegulani chikumbutsocho mu Google Calendar, pitani pamene palembedwa Time zone, sankhani nthawi ya ku Lusaka, lembani 19:00, ndipo posunga musankhe kuti kusinthaku kukhudze masiku onse, osati tsiku limodzi lokha. Ngati dzina la Lusaka silikupezeka pamndandanda, Maputo kapena Harare agwira ntchito yomweyo, popeza nthawi yawo ndi yathu ndi imodzi. Mukatero, kalendala idzadziwerengera yokha ola loyenera kulikonse kumene muli: ku Manchester chidzalira 17:00 kapena 18:00 malinga ndi nyengo, ndipo mukaima ku Dubai posintha ndege chidzalira 21:00.

Zikumbutso zina zimafunika kutsata kumene thupi lanu lili, monga kudzuka ndi kudya. Zimenezi ziikeni pa alamu wamba, chifukwa alamu sadziwa mzinda, amangoyang'ana wotchi ya foni. Mukaika 06:00, adzalira 06:00 ya kumene mwagona, bola foniyo ikhale itasintha nthawi yake. Mukatera pabwalo la ndege la Kenneth Kaunda, yerekezerani wotchi ya foni ndi ya pakhoma, chifukwa foni imene sinagwire netiweki nthawi zina imakakamira nthawi ya kumene yachokera.

Pa mankhwala omwa kamodzi pa tsiku, chofunika ndi maola apakati pa kumwa ndi kumwanso, choncho alamu wamba akhoza kuwafupikitsa kapena kuwatalikitsa tsiku la ulendo. Inu monga nesi mukudziwa kuti mankhwala ena salola zimenezo, ndipo otere ndi bwino kuwamangirira ku mzinda umodzi mpaka mutagwirizana ndi dokotala za kasunthidwe kake.