Chifukwa chiyani 7 amadya mfumu pamakadi a ku Mozambiki?

"Zikomo achimwene. Anzanga ochokera ku Tete andiphunzitsa masewera a makadi otchedwa suweka, koma malamulo ake akundizunguza mutu. Akuti 7 amaposa K, ndiponso J amaposa Q. Kodi ndi zoona, kapena akungondidyera masuku pamutu?"

Sakukunamizani, bambo. Malamulo amenewa ndi zipsera za ulendo umene makadi anayenda ndi amalonda.

Makadi anayambira ku China, koma amene analowa ku Ulaya m'zaka za m'ma 1370 anachokera kwa Amamuluki, olamulira a ku Igupto pa nthawiyo, kudzera m'madoko a ku Italiya ndi ku Sipeni. Pofika 1377 mzinda wa Florence unali utaletsa kale masewerawa. Paketi ya Amamuluki inali ndi makadi 52 m'mitundu inayi: zikho, ndalama, malupanga ndi ndodo za polo, masewera omenya mpira uli pakavalo. Anthu a ku Ulaya polo sankamudziwa, choncho ndodozo anazijambula ngati zibonga kapena ndodo wamba. Akuluakulu a mtundu uliwonse anali amuna atatu, mfumu ndi nduna zake ziwiri. Mfumukazi kunalibe.

Apa ndiye pagona nkhani ya J ndi Q. Ku Sipeni ndi mbali zambiri za Italiya, atatuwo anakhala mfumu, msilikali wa pakavalo ndi wantchito. Apwitikizi, eni ake a suweka, anatengera zomwezo, koma wantchito wawo ankamujambula ngati mkazi. A ku Falansa anatenga njira ina: mfumu, mfumukazi, wantchito wamwamuna. Cha m'ma 1480 iwo anayamba kugwiritsa ntchito zizindikiro zosavuta kudinda, zofiira ndi zakuda, ndipo makadi awo otsika mtengowo ndi amene adzaza m'mashopu lero. Apwitikizi atasiya makadi awo akale n'kuyamba kugula amenewa, malamulo sanawasinthe. Mkazi wa pakhadi latsopano anatenga malo a wantchito wamkazi uja, pansi penipeni, ndipo J anatenga malo a wapakavalo. Q wa suweka ndi mdzakazi wovala chisoti chachifumu basi.

Za 7 zikuchokera ku kukula kwa paketi. Suweka ali m'banja la masewera amene A amakhala ndi mapointi 11 ndipo womutsatira amakhala ndi 10. Ku Jeremani womutsatirayo ndi 10 weniweni. Koma kum'mwera kwa Ulaya anazolowera paketi ya makadi 40 yopanda 8, 9 ndi 10, ndiye panafunika khadi lina lonyamula mapointi khumiwo. Ataliyana pa masewera awo a birisikola anasankha 3. Apwitikizi anasankha 7, nambala yaikulu pa zotsalazo.

Ndiye posewera, chotsani 8, 9 ndi 10 onse. Muli anthu anayi, awiriawiri oyang'anizana, aliyense makadi khumi. Khadi la wogawa limene latembenuzidwa ndilo limasonyeza mtundu wolamulira, umene umadya mitundu ina yonse. Mphamvu zimatsika motere: A ali ndi mapointi 11, 7 ali ndi 10, K 4, J 3, Q 2, kenako 6 mpaka 2 amene alibe kanthu. Mtundu umodzi ndi mapointi 30, paketi yonse 120, ndipo opambana ndi amene afika 61. Mukawerenga pamapeto n'kupeza kuti milu iwiri sikukwana 120, wina walakwitsa kuwerenga, kawirikawiri powerenga 7 ngati zisanu ndi ziwiri.

Atsopano amagwera pa 7 yemweyu. Tiyerekeze kuti mtundu wolamulira si mitima, ndipo mdani wokhala pambali panu wayamba ndi K wa mitima. Inu muli ndi 7 ndi 4 a mitima, ndipo mwaponya 7 kuti mudye mapointi anayiwo.  Mdani wachiwiri watulutsa A wa mitima, mnzanu womaliza waponya 5, ndipo mdaniyo wakokolola zonse: 4, 10 ndi 11, mapointi 25 pa dzanja limodzi, kuposa gawo limodzi mwa magawo asanu a masewera onse. Mukanaponya 4, akanatenga ochepa ndipo 7 wanu akanadikira. Musatulutse 7 A wake asanaoneke, pokhapokha muli womaliza kuponya kapena mnzanu wadya kale ndi A. Kumbukiraninso kuti pa suweka mumakakamizidwa kutsatira mtundu umene wayamba ngati muli nawo, pamene pa bisika, mbale wake wosewera awiri, mumaponya chilichonse malinga ngati mulu wotolapo ulipo. Mikangano yambiri ya pamphasa imabuka wina akabweretsa lamulo la bisika pa suweka.

Zombo za Apwitikizi zinasiya zimenezi m'madoko ena. Ku Tanzania kuli masewera otchedwa alibasitini, okhala ndi dongosolo lomweli la A, 7, K, J, Q, koma anachotsanso ma 2 kuti patsale makadi 36, ndipo mapointi akadali 120 poti 2 analibe kanthu. Mayina a Chiswahili a mitundu, monga kopa ndi pao, ndi a Chipwitikizi. Ku Japani, kumene Apwitikizi anafika mu 1543, paketi yawo ya makadi 48 inaletsedwa chifukwa cha njuga, ndipo opanga makadi ankangosintha zithunzi pozemba boma mpaka panatuluka hanafuda, miyezi 12 ya maluwa yokhala ndi makadi anayi uliwonse, onse pamodzi 48 yemweyo.