Nambala mwalembayo ndi ya foni yanu, si ya rauta

"Abale thandizeni. Ndikufuna kusintha pasiwedi ya rauta, aneba akundithera bandulo. Pa foni ndapeza 192.168.8.103 koma ndikailemba mu Chrome ikukana. Rauta yafa kapena?"

Achimwene, musakhudze kabatani ka Reset, chonde, ndakugwirani mwendo. Rauta yanu ili bwinobwino. Nambala mwalembayo ndi ya foni yanu yomweyo, ndiye kuti mukugogoda pakhomo panu muli m'nyumba momwemo. Lembani 192.168.8.1, ndipo mulembe pamwamba penipeni pomwe pamakhala adiresi ya tsamba, osati m'kabokosi kofufuzira ka Google. Muyambe mwazimitsa data ya simu khadi, ndi VPN ngati muli nayo, foni itsale pa waifai ya rautayo basi. Marauta ambiri a Huawei, aang'ono a m'thumba aja ndi a patebulo omwe, amakhala pa 192.168.8.1 ndipo amayamba kugawa manambala kuchokera pa 100. Choncho 103 yanuyo ikungosonyeza kuti foni yanu inalandira nambala ena atalandira kale. Aneba mukuwanenawo mwina ndi amene ali ndi 100, 101 ndi 102.

Ndawerenga funso lanu mtima wanga wachita kuti myuu, chifukwa manambala awiri amenewa anandilizapo ine, mayi wamkulu ndithu. Ndili ndi kashopu ka fotokope ndi kupulinta. Muli kompyuta imodzi, pulinta ya waifai, rauta, ndi mwana wa achemwali anga amene amandithandiza. Chaka chatha foni yanga inkavuta kulowa pa waifai, imangoti Obtaining IP address kenako n'kusiya. Ndinaitana mnyamata wina wa pamsika amene amadzitcha katswiri, uja amayenda ndi kachikwama ka laputopu kumsana ngati wa ku ofesi. Anatenga foni, anadinadina, nati, "Mayi, vuto ndi DHCP, ndakuikirani Static, simudzavutikanso." DHCP ndi pomwe rauta imagawa yokha manambala, Static ndi pomwe munthu amalemba yekha nambala m'foni, koma ine sindinkadziwa zimenezo. Ndinamupatsa K10,000 ndi botolo la zoziziritsa kukhosi. Chizindikiro cha waifai chinaoneka pamwamba, ine ndinasangalala, iye anapita.

Kuyambira tsiku limenelo netiweki ya mushopu inayamba misala. Kompyuta imatsegula tsamba limodzi, lachiwiri n'kuima. Pakapita mphindi zingapo yabwerera, kenako yapitanso. Foni yanga imaonetsa kuti yalumikizidwa koma uthenga wa pa WhatsApp umangokhala ndi kawotchi. Ndinaganiza kuti bandulo yatha, ndinagula ina. Ndinaganiza kuti ndi mvula. Ndinanyamula rauta kuiika pawindo, kenako pamwamba pa kabati, mpaka kuipachika pa msomali.

Tsiku loipitsitsa linali Lachisanu, lomaliza kutumiza makalata ofunsira ntchito ina yake, ndipo anthu anadzaza mpaka pakhonde. Panali mtsikana wina amene anachokera kutali pa kabaza, satifiketi yake ili mu envelopu yonyowa m'mbali, atandipatsa kale ndalama yoti ndimusikanire ndi kumutumizira. Kamzere kotumizira kanafika pakati n'kuima. Tinayambiranso, kanaimanso pomwepo. Nthawi ikupita, iye ali chiimire pambali panga, sakuyankhula, akungopinda ngodya ya envelopu ija ndi chala. Bambo wina kumbuyo anayamba kukuwa kuti ndimubwezere ndalama zake, akuti ndimadyera anthu. Thukuta linali kamukamu, manja akunjenjemera moti mawusi imandipulumuka. Ndinamuimbira mnyamata uja kasanu. Kachisanu anayankha, phokoso la mpira kumbuyo, nati, "Ingodinani Reset ndi chotokosera m'mano." Ndinadina. Dzina la waifai yanga linasowa, pasiwedi yanga inapita, pulinta inaleka kuiona rauta chifukwa imafunafuna dzina lakale. Vuto linali limodzi, tsopano anakhala atatu. Mtsikana uja ndinamubwezera ndalama, anatuluka akuthamangira kwina, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anakwanitsa.

Amene anatulukira chinsinsi ndi mwana wa achemwali anga uja. Lolemba lake, titalumikizanso zonse, ndinapita kumsika kukagula mapepala. Pobwera anandiuza akuseka, "Anti, musakwiye, koma inu mukachoka netiweki imayenda bwino, mukangolowa imafa." Ndinatsala pang'ono kumuponyera sitepula. Ndiye kuti ndine mfiti ya intaneti? Koma tinayesa. Ndikazimitsa waifai pa foni yanga, kompyuta imathamanga. Ndikayatsa, imatsamwa. Tinatsegula zoikamo za waifai pa foniyo ndipo tinapeza izi:

```
IP settings: Static
IP address: 192.168.8.1
Gateway: 192.168.8.1
```

Mwaona? Katswiri wathu anaipatsa foni yanga nambala ya rauta. M'nyumba imodzi munali zinthu ziwiri zoyankha dzina limodzi. Kompyuta ikafunsa kuti 192.168.8.1 ndani kuti itumize zinthu kunja, nthawi zina imayankha rauta, nthawi zina imayankha foni yanga, ndipo zopita ku foniyo zimangofera pomwepo poti foni ilibe kozipititsa. N'chifukwa chake netiweki inkabwera n'kumapita m'malo mongofa kamodzi. Reset ija sinakonze kanthu chifukwa cholakwika chinali m'foni, ndipo titabwezera dzina ndi pasiwedi zakale foniyo inangolowanso ndi nambala yake yakuba ija. Tinangosintha Static kubwerera pa DHCP, foni inalandira 192.168.8.101, basi, nkhani inathera pomwepo. Masekondi ochepa. Mnyamatayo nditakumana naye anandiuza kuti mwina ndinasintha ndekha. Ine? Amene sindinkadziwa n'komwe kuti Static ili pati? Ndipo mpaka pano akuyendabe ndi kachikwama kake, akudyera amayi ena.

Ndiye poti ndinaphunzira ndi misozi, imvani mmene mungazisiyanitsire. Pa foni ya Android lowani mu Settings, pitani pa Wi-Fi, dinani dzina la netiweki yomwe mwalumikizidwa kapena kagiya kali pambali pake. Mafoni amasiyana, ena amabisa pansi pa Advanced, ena pa View more, koma muzifuna mizere iwiri. Wolembedwa IP address ndi wa foni yanu. Wolembedwa Gateway ndi wa rauta, ndipo umenewo ndi womwe mumalemba mu Chrome. Pa iPhone mumadina kachilembo ka i kali m'kabwalo pafupi ndi dzina la waifai, mupeza IP Address ya foni, ndipo m'munsi mwake Router. Amene muli ndi kompyuta ya Windows, tsegulani cmd mulembe:

```
ipconfig
```

Pamenepo IPv4 Address ndi ya kompyutayo, Default Gateway ndi ya rauta.

Pa netiweki ya pakhomo zigawo zitatu zoyambirira zimafanana, chomaliza ndi chomwe chimasiyana. Ya rauta nthawi zambiri imathera ndi 1, ina ndi 254. Njira yomwe ine ndimaikhulupirira kwambiri ndi yotenga mafoni awiri omwe ali pa waifai imodzi n'kuwaika pamodzi. Pa mizere iwiri ija, nambala yomwe ikufanana pa onse awiri ndi ya rauta. Yomwe ikusiyana ndi ya foni iliyonse payokha. Ya rauta sisuntha pokhapokha wina aisinthe dala, pomwe ya foni ndi yobwereka, lero 103, mawa magetsi akazima n'kuyakanso mutha kupeza 100. Ndiye amene mumati rauta imakhala pa 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1, simukunama, marauta ena ambiri amakhaladi pamenepo, koma achimwenewa foni yawo ili pa 192.168.8, rauta yawo singakhale pa 192.168.1 kapena pa 192.168.0. Tembenuzaninso rautayo muone sitika ya pansi, kapena mkati mochotsa batire ngati ili ya m'thumba, nthawi zambiri adiresi ndi pasiwedi yolowera zimalembedwa pamenepo. Pasiwedi yolowera pa tsamba la rauta nthawi zambiri si imodzi ndi ya waifai, musasokoneze, ena amakakamira ya waifai mpaka tsambalo kuwatsekera kwa kanthawi.

Pali nambala yachitatu yomwe imasocheretsa anthu. Mukalemba what is my ip pa Google mupeza ina yosiyana kotheratu, yosayamba ndi 192.168. Imeneyo ndi yomwe dziko lakunja limakuonerani, yochokera ku kampani ya netiweki, ndipo pa simu khadi nthawi zambiri mumagawana ndi makasitomala ena ambirimbiri. Pa ntchito mukufunayi siikuthandizani. Chimodzimodzi mukayang'ana adiresi waifai ili yozimitsa, mwina muona yoyamba ndi 10 kapena 100, imeneyo foni yapatsidwa ndi kampani kudzera pa simu khadi, rauta sikudziwako kanthu. Ndipo tsiku lina mukadzaona yoyamba ndi 169.254, makamaka pa kompyuta kapena pa iPhone, dziwani kuti rauta sinapereke nambala ndipo chipangizocho chadzipatsa chokha. Pamenepo zimitsani rauta, dikirani pang'ono, muyatsenso. Ndi zomwe mnyamata uja akanachita tsiku loyamba lija, kapena kungodina Forget pa netiwekiyo n'kulowanso.

Static ndiye pa foni musaiyandikire n'komwe. Komabe ndinene zoona, pali mafoni ena omwe saonetsa Gateway pena paliponse, ndipo njira yake ndi yomweyo yosintha DHCP kupita pa Static kuti mizere ija ionekere. Mukatero ingowerengani, mutuluke ndi Cancel, osadina Save. Muchenjerenso, manambala otuwa osaoneka bwino, monga 192.168.1.128 ndi 192.168.1.1, pa mafoni ena amakhala chitsanzo chabe, si anu. Ine pulinta yanga panopa ili pa Static, ndinaiika ndekha pa 192.168.8.50, kunja kwa manambala omwe rauta imagawa, kuti kompyuta isamaisowe m'mawa uliwonse. Ndiye sindikuti ndi yoipa, ndikuti musapatse munthu foni yanu n'kumayang'ana kumbali.

Mukalowa pa tsambalo, musanasinthe pasiwedi, pitani kaye pomwe pali mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa. Yomwe ili ndi 103 ndi yanu, musaitseke poganiza kuti ndi ya aneba, ena anadzitsekera okha kunja choncho. Mukasintha pasiwedi foni yanu ichotsedwa pa waifai nthawi yomweyo, musadabwe, dinani Forget mulowenso ndi yatsopano. Zikakanikabe pezani munthu wodziwa akuthandizeni, koma muime pambali pake, ndipo asanakhudze chilichonse mujambule mizere iwiri ija.