Kukopera masamu a pachithunzi m'malemba wamba: mafulakishoni ndi mapawa

"Ndimaphunzitsa masamu Fomu 3, ndipo ana anga amanditumizira zithunzi za makope awo pa WhatsApp. Ndikafuna kukambirana ntchitoyo ndi gulu lonse ndimaitayipa, chifukwa ena sakhala ndi bandulo yotsegulira zithunzi. Koma mafulakishoni ndi mapawa akafika kwa ana amakhala asokonekera, aliyense akuwerenga zake. Kodi ndiziwalemba bwanji?" Mphunzitsi wa ku Mchinji.

Aphunzitsi, gwero la vutoli ndi limodzi. Pakope, masamu amalembedwa mokwera ndi motsika: china pamwamba pa mzere, china pansi pake, kanambala kena kapachikidwa paphewa pa chilembo. Malo amene chinthu chakhala amauza wowerenga kuti chikuyendera limodzi ndi chiti. Pafoni zonse zimagona pamzere umodzi, ndiye uthenga umene unali m'malowo umatayika. Chimene chimaubwezeretsa ndi mabulaketi, ngakhale pamene mwanayo sanalembe bulaketi ndi limodzi lomwe.

Titenge funso loti mwana afewetse fulakishoni imene pamwamba pake pali `x² - 9`, pansi pake pali `2x + 6`. Mzere wautali wapakatiwo sukungonena kuti "gawani". Ukunena kuti zonse zapamwamba zigawidwe ndi zonse zapansi. Munthu wofulumira amatayipa chonchi:

```
x^2 - 9/2x + 6
```

Mwana amene mwamuphunzitsa BODMAS akawerenga mzere umenewu ayamba ndi kugawa, ndipo kamzere kopendekera ka `/` kamangogwira zimene zayandikana nako. Kwa iye 9 yekha ndiye akugawidwa, `x^2` ndi 6 zili padera. Sanalakwe mwanayo, wawerenga zimene zalembedwa. Ntchito yonse, itakoperedwa bwino, iyenera kuoneka motere:

```
(x^2 - 9)/(2x + 6)
= ((x - 3)(x + 3))/(2(x + 3))
= (x - 3)/2
```

Taonani mzere wachiwiri. Pansi pali `2(x + 3)`, ndipo ndazikutira zonse m'bulaketi lina lakunja. Mukalemba `/2(x + 3)` popanda lakunjalo, ena agawa ndi 2 kenako n'kuchulukitsa ndi `x + 3`, ena agawa ndi zonse pamodzi, ndipo mkangano wake sutha chifukwa ngakhale makakyuleta sagwirizana pa kalembedwe kameneka. Mabulaketi akachuluka saoneka bwino, n'zoona, koma ine ndimalolera kuti mzere unyanse kusiyana n'kuti ukhale ndi matanthauzo awiri. Sitepe iliyonse ikhalenso pamzere wake, chizindikiro cha `=` chili kumayambiriro, monga momwe ana amalembera m'kope.

Njira yodziwira ngati mwakopera bwino ndi yachidule, ndipo ndikukupemphani kuti musamaidumphe. Sankhani nambala, muiike m'malo mwa x, muwerengere kawiri: koyamba kuchokera pachithunzi, kachiwiri kuchokera pa zimene mwatayipa, mukutsatira BODMAS ngati kuti chithunzicho simunachione. Tiyese ndi 5. Pachithunzi, pamwamba 25 kuchotsa 9 ndi 16, pansi 10 kuwonkhetsa 6 ndi 16, yankho ndi 1. Mzere womaliza `(5 - 3)/2` ukuperekanso 1. Koma mzere wopanda mabulaketi uja ukupereka 30.1 kapena 8.5, malingana ndi momwe mwawerengera `9/2x`. Musayesere ndi 0 kapena 1, chifukwa manambala amenewa amabisa zolakwa: 1 mukamukweza ku pawa iliyonse amakhalabe 1.

Pa mapawa, chizindikiro chake ndi `^`, ndipo nachonso chimangogwira chinthu chimodzi chotsatira. `x^2` palibe vuto. Koma ngati paphewa pa 2 mwana walembapo n + 1 yonse, lembani `2^(n+1)`. Mukasiya mabulaketi, `2^n+1` ndi chinthu china: n akakhala 3, choyambacho ndi 16, chachiwiricho ndi 9. Chimodzimodzi pawa ikakhala fulakishoni, zomwe zimadzaza mutu wa maindisesi. `8^(2/3)` ndi 4, pomwe `8^2/3` ndi 64 kugawa ndi 3. Pawa yokhala ndi mainasi ilembedwe `x^(-2)`. Mafoni ambiri amatulutsa ² ndi ³ mukakanikiza 2 kapena 3 kwa kanthawi, ndipo n'zokongola, koma sizikufikitsani patali pawa ikakhala n + 1 kapena 2/3. Sankhani `^` ndipo muzigwiritsa ntchito chomwecho paliponse, kuti ana azolowere kalembedwe kamodzi.

Mainasi wakutsogolo amafuna diso. `(-3)^2` ndi 9, koma `-3^2` m'masamu ndi -9, chifukwa pawa imayamba kugwira 3, mainasi n'kubwera pambuyo. Apa musawonjezere bulaketi limene mwana sanalembe, chifukwa kusowa kwa bulaketilo mwina ndiko kulakwa kumene mukufuna kuti gulu lione. Ndipo ngati mumayesera mayankho mu Excel, dziwani kuti `=-3^2` kumeneko imapereka 9.

Izi zikutifikitsa pa kusiyana kwa mabulaketi awiri. Alipo olowa m'malo mwa mzere wa fulakishoni kapena malo apamwamba a pawa, amenewo ndi udindo wanu kuwaika. Alipo ena okonza maganizo a mwana, amenewo si anu pa nthawi yokopera. Dzanja la mphunzitsi limakonza lokha osazindikira: mwana walemba `(x - 3)(x - 3)`, inu mwatayipa `(x - 3)(x + 3)` poti mutu wanu ukudziwa yankho. Mukatero gulu likambirana ntchito yanu, osati yake. Koperani mzere ndi mzere, chala chili pachithunzi, zolakwa zikhale momwemo. Pamene mwana wadula `(x + 3)` pamwamba ndi pansi, lembani mawu achidule pambali, monga `[wadula (x + 3)]`. Pamene chithunzi chachita mdima ndipo simukutha kusiyanitsa 1 ndi 7, kapena 2 ndi z, ikani `[?]` mumufunse mwini wake.

Chithunzi chojambulidwa mopendekeka chimanamiza kwambiri pa mapawa. Mwana amene amalemba mokweza dzanja, `x2` ndi x² zimafanana. Yang'anani mzere wotsatira: ngati x anali 5 ndipo kwatuluka 25, inali pawa. Ndi bwinonso kuwauza anawo kuti kope ligone patebulo, foni ikhale pamwamba pake penipeni, ajambule powala.

Nambala yathunthu yokhala ndi fulakishoni pambali ndi msampha wina. Ziwiri ndi gawo limodzi mwa magawo atatu mukazilemba `2 1/3`, kampata kakangotayika zimasanduka `21/3`, imene ndi 7. Mkati mwa chiwerengero lembani `(2 + 1/3)`. Musaisandutse `7/3` ngati mwanayo sanaisandutse.

Pochulukitsa musagwiritse ntchito chilembo x pamene x ali kale m'funso. Kanyenyezi `*` ndiko kozolowereka, koma WhatsApp nthawi zina amatenga mawu okhala pakati pa tinyenyezi tiwiri n'kuwadetsa, tinyenyezito n'kusowa. Kuti izi zisachitike, ikani tizizindikiro titatu ta ` kumayambiriro kwa ntchitoyo ndi tina titatu kumapeto kwake. Zonse za mkatimo zimatuluka momwe mwazitayipira, zilembo zake zofanana m'lifupi, moti zizindikiro za `=` zimandandana bwino. Mizere ikhale yaifupi, chifukwa mzere wautali foni imaupinda, ndipo theka la fulakishoni limagwera pansi n'kuoneka ngati sitepe yatsopano.

Musanatumize ntchito yoyamba, tumizani kaye uthenga wa mizere itatu wofotokoza `/`, `^` ndi `*`, chilichonse ndi chitsanzo chimodzi. Kenako apatseni `(x + 1)/(x - 1)` ndi `2^(n+1)` kuti azilembe m'makope monga zimalembedwera pabolodi, akutumizireni zithunzi. Amene walemba 1 yekha pamwamba pa mzere, kapena watsitsa + 1 kuchoka paphewa pa 2, mukhale naye kaye musanapitirize ndi gulu.