Mwana wolira asanabayidwe jakisoni

"Mwana wanga wamkazi ali ndi chaka ndi miyezi isanu ndi itatu. Kale tinkapita kusikelo popanda vuto, koma chimubayireni katemera wa chikuku, tikangofika pageti la chipatala amayamba kulira n'kundikakamira pachitenje. Lamulungu lapitali analira ataona mayi wovala zoyera kutchalitchi. Kodi ndamulera molakwika?"

Mayi, simunalakwe chilichonse, ndipo zimene mukuonazi zikusonyeza kuti mwanayo amaphunzira bwino. Akatswiri a za maganizo ndi khalidwe la munthu amati zinthu ziwiri zikamabwera motsatizana, thupi limazimanga pamodzi, kotero kuti choyambacho chimasanduka chenjezo la chachiwiricho. Amene anafufuza zimenezi mozama anali Ivan Pavlov wa ku Russia, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1904 chifukwa cha kafukufuku wa mmene chakudya chimagayikira m'mimba. Iye anaona kuti agalu ake ankayamba kuchucha malovu asanalawe chakudya, atangoona kapena kumva munthu wowadyetsa akubwera.

Kwa mwana wanu zinayenda motere. Ululu wa singano umachititsa mwana aliyense kulira popanda kuphunzitsidwa, pamene yunifolomu yoyera, fungo la mankhwala opukutira ndi benchi yodikirira poyamba zinalibe tanthauzo kwa iye. Tsiku la katemera anaona zoyerazo, anamva mukumugwira mwamphamvu kuti asagwedezeke, ndipo pasanathe mphindi singano inalowa. Dongosolo limeneli ndi lofunika kwambiri, chifukwa chenjezo limakhazikika pamene labwera ululu usanafike. Chimene mwana waona atabayidwa kale sichimangika mwamphamvu chotero. Malovu a agalu ankafuna kubwerezabwereza, koma mantha nthawi zina amakhazikika tsiku limodzi lokha.

Za mayi wa kutchalitchi uja, mantha amafalikira ku zinthu zofanana ndi chenjezo loyamba. Mu 1920 John Watson ndi Rosalie Rayner, ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America, ankamenya chitsulo ndi hamala kumbuyo kwa khanda lotchedwa Albert nthawi imene linkafikira khoswe woyera. Patapita maulendo ochepa, khandalo linayamba kulira likangoona khosweyo, kenako linaopanso kalulu ndi chovala chaubweya. Ndimamva chisoni ndikaganizira khanda limeneli, chifukwa linachoka m'manja mwawo mantha aja asanachotsedwe.

Njira yochotsera inaonetsedwa mu 1924 ndi Mary Cover Jones, amene anathandiza mnyamata wamng'ono dzina lake Peter, woopa kalulu. Ankamupatsa chakudya chimene ankachikonda kaluluyo ali patali m'khola, ndipo ankasendeza kaluluyo pafupi pang'onopang'ono pa masiku ambiri, mpaka mnyamatayo anafika pomugwira. Inunso mungachite chimodzimodzi. Tsiku limene kulibe katemera, dutsani naye pafupi ndi chipatala, muime pamene sanayambe kulira, mumupatse nthochi kapena bere, n'kubwerera kunyumba. Ulendo wina mufike pageti, wina mukhale pabenchi, wina apatse moni namwino amene alibe singano m'manja. Akasiya kudya n'kuumitsa thupi, dziwani kuti mwayandikira msanga, ndipo mubwerere pang'ono, koma musathawe naye kunyumba ali pakati pa kulira. Kuthawa kumamupatsa mpumulo wa nthawi yomweyo, ndipo kumamulanda mwayi woona kuti singano sinabwere. N'chifukwa chake kuleka kupita kusikelo kumasunga mantha m'malo mowathetsa.

Pali chinthu chimodzi chimene chimafooketsa makolo ambiri. Mwana atazolowera, pakapita milungu ingapo osapitako, mantha aja angathe kubweranso, kawirikawiri ochepa kusiyana ndi poyamba. Pavlov anaona zomwezo kwa agalu ake. Phunziro lakale silifufutika, limangophimbidwa ndi latsopano, ndipo maulendo ena odekha amalikhazikanso pansi.

Katemera wotsatira adzapwetekabe, choncho musamunamize kuti sadzamva kanthu, ndipo ndikukupemphani kuti aliyense pakhomo asiye mawu aja akuti "ukapanda kumvera ndikakubayitsa jakisoni", chifukwa mwana akayamba kumva chilankhulo, mawu okha amatha kumanga mantha omwewo. Mumukhalike pamiyendo panu atatsamira pachifuwa m'malo momugoneka, ndipo ngati akuyamwabe muyamwitseni pomwe akubayidwa, popeza kuyamwa kumachepetsa ululu wa katemera. Mukaona kuti patapita miyezi kulirako kwafika pomulepheretsa kugona, kudya kapena kupimidwa akadwala, mufotokozereni dokotala kapena namwino wa ana, kuti mugwirizane za maulendo opanda singano ndi mmene angamulandirire tsiku la katemera.